Patatha miyezi 8 ndikudula mizere ya nyimbo pamanja

Wina anandifunsa kuti: "Achimwene, njira yanu ija yodula mizere ya nyimbo pa masilaidi mukuigwiritsabe ntchito? Anthu akumbuyo akumatha kuwerenga?"

Eya ndikadali nayo, miyezi 8 tsopano, ngakhale zina ndinasintha. Chomwe sindinasinthe ndi saizi ya zilembo, ili pa 54 ndipo siyendayenda. Silaidi ya PowerPoint ya 16:9 kuchoka pamwamba kufika pansi ndi mainchesi 7.5, omwe ndi mapoyinti 540, ndiye 54 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Sikirini yathu ndi mita imodzi ndi theka kuchoka pamwamba kufika pansi, choncho chilembo chachikulu chimatuluka pafupifupi masentimita 10, zing'onozing'ono cha m'ma 7 kapena 8. Benchi lomaliza lili mamita 18 kuchokera pa sikirini ndipo agogo ena omwe amakhala kumeneko anasiya kutsinzina diso limodzi poyimba, kwa ine mayeso ndi amenewo.

Vuto lake saizi imeneyi imakupanikiza. Mu fonti ya Arial mzere umodzi umalowa zilembo za m'ma 30 basi, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndiye mawu athuwa ndi ataliatali, "ndikakumbukira" yekha wadya kale 14. Apa mpamene pali ntchito yonse. Nditenge mzere womwe tinapeka tokha ndi kwaya: Ndikakumbukira chifundo chanu mtima wanga umadzaza ndi chimwemwe. Kale ndinkangoponya m'bokosi, saizi ili pa 48, kompyuta nkudula yokha pomwe malo athera:

Ndikakumbukira chifundo chanu mtima
wanga umadzaza ndi chimwemwe

Pamaso zikuoneka bwino ndithu, mizere iwiri yofanana. Koma imbani muone. Wotsogolera amapuma pa "chanu", pomwe anthu maso awo awatengera kale pa "mtima", ndiye theka la holo limathamangira kutsogolo theka lina likukokabe mpweya, kenako "wanga" akuyamba mzere ngati mwana wosochera. Pano ndimadula chonchi:

Ndikakumbukira chifundo chanu
mtima wanga umadzaza
ndi chimwemwe

Mzere wachitatuwo ndi waufupi, poyamba unkandinyansa, koma palibe amene anadandaulapo. Ndimayimba kaye nyimboyo chapansipansi nditakhala pa laputopu, pomwe ndapuma mpomwe ndimadina Shift+Enter. Ngati mawu a mpweya umodzi apitirira zilembo 30, ndimadula pomwe ganizo lapindika, koma "mtima" ndi "wanga" sindiwalekanitsa, ndipo timawu ngati ndi, kwa, kuti sitimatsala kumapeto kwa mzere, timapita ndi mawu omwe tikuwatsogolera.

Chomwe chinandipweteka mwezi wachiwiri ndi kompyuta kuchepetsa yokha zilembo. Vesi ikatalika imafinya mwakachetechete kuti zikwane m'bokosi, iwe pa laputopu suona kusiyana kwenikweni, koma kumbuyo silaidi imodzi ikuwerengeka inayo ngati nyerere. Muona nokha, nambala ya saizi imasintha mukamachoka silaidi ina kupita ina. Lowani mu Format Shape musankhe Do not Autofit, makamaka pa Slide Master kuti zigwire paliponse. Vesi ikakana kukwana, igaweni masilaidi awiri, saizi musayikhudze.

Ndinasintha chiwerengero cha mizere. Ndinayamba ndi iwiri pa silaidi poganiza kuti ndiye zaukhondo, koma pa nyimbo zothamanga mnyamata wodina masilaidi ankachita kutuluka thukuta, ndipo akachedwa pang'ono pokha anthu amangong'ung'udza mawu oyamba. Pano ndi itatu kapena inayi, osapitirira, ndipo amasintha silaidi anthu ali pa liwu lomaliza, osadikira kuti amalize. Mawuwo ndinawakwezanso m'mwamba chifukwa anthu akaimirira mitu ya akutsogolo imabisa mzere wapansi, izi ndinazidziwa mochedwa kwambiri poti nthawi zonse ndinkayesa holo ili yopanda munthu.

Tsiku lina tinagwiritsa laputopu yobwereka, fonti yokongola yomwe ndinali nditayika pa makolasi munalibemo, kompyuta inaikapo ina yotambalala pang'ono ndiye mizere yomwe inali ndi zilembo 29 ndi 30 inasefukira, "chanu" nkugwera yekha pansi. Kuyambira pamenepo ndi Arial paliponse, ndipo ndimasiya kampata kumapeto kwa mzere.

Purojekitala nayo yayamba kuzilala, babu ikamakalamba ndi mmene imachitira. Zithunzi za mitambo kumbuyo kwa mawu ndinazichotsa mwezi wachisanu, pano ndi zilembo zoyera pa mtundu wakuda basi, masana dzuwa likalowa pawindo zimaonekabe. Atsikana a kwaya akuti masilaidi aipa, akufuna mitambo yawo ibwerere, nkhaniyo sitinamalize.