Katani lofika pansi kapena lothera pazenera: zoyenera nyumba ya siling'i yotsika kuno ku Mulanje ndi Thyolo

Funsoli limabwera kawirikawiri kwa anthu amene angokhoma kumene siling'i. Nyumba inkaoneka yotakasuka malata akuonekera, koma atangotseka kumwamba, pabalaza payamba kukhala ngati mukugwa mutu. Siling'i siingakwezedwe ndi nsalu, koma maso a munthu amatsata mizere. Mzere wautali wochoka kumwamba kufika pansi umachititsa khoma kuoneka lalitali, pamene mzere wopingasa umalidula. Nkhani yonse ya makatani m'nyumba yotsika yagona pamenepo.

Titenge chipinda chimodzi kuti manambala amveke. Kuchokera pa simenti kufika ku siling'i ndi masentimita 240. Zenera ndi lachitsulo, m'lifupi masentimita 150, ndipo pamwamba pake pafanana ndi chitseko, pa 210. Pakati pa zenera ndi siling'i patsala khoma la masentimita 30 okha.

Njira yoyamba ndi imene yafala: chitsulo cha makatani kuchikhomera pamwamba penipeni pa zenera, katani n'kuthera pamunsi pa zeneralo. Imadya nsalu yochepa, ndipo kukhitchini kapena pamene bedi lagunda khoma ndi yoyenera. Koma pabalaza lotsika imadula khoma magawo atatu: kachidutswa kumwamba, katani pakati, kachidutswa kumunsi. Diso limaima pa chitsulo lija, n'kuona kuti siling'i ili pomwepo. Bokosi lamatabwa lophimba chitsulo, limene timalipeza m'nyumba zakale za m'maesiteti a tiyi, limawonjezera vutoli chifukwa ndi mzere wina wonenepa wopingasa. M'nyumba zija linkakhala bwino poti makoma ake ndi ataliatali. M'chipinda cha 240 lichotseni.

Njira yachiwiri ndi makatani osokasoka a pa kaunjika. Apa pali mwayi komanso msampha. Ambiri ochokera ku Ulaya amabwera m'misinkhu itatu: 137, 183 ndi 229. La 229 ndi labwino kwambiri kuchipinda chathuchi. Ngati lili la mphete zokhomeredwa m'nsalu momwemo, zimene chitsulo chimalowamo, chitsulo chikhale pa 227 kuchokera pansi, ndipo kumwamba kudzatsala kampata kochepa kosadetsa nkhawa. Loipa ndi la 183. Likapachikidwa pamsika limaoneka lalitali, wogulitsa n'kumati "ili likwana, mayi, musadandaule," koma mukalikoleka pa 220 limathera masentimita pafupifupi 40 pamwamba pa simenti. Silili pazenera, silili pansi, lili ngati buluku lothera m'katumba. Ineyo ndingalole lalifupi lothera pazenera kusiyana ndi limeneli. Popita ku Chitakale, ku Luchenza kapena ku Bvumbwe tengani tepi m'thumba, yezani nokha, ndipo yezani onse awiri, chifukwa nthawi zina amaphatikiza makatani ofanana mtundu koma osiyana msinkhu.

Njira yachitatu, imene ine ndimaikonda, ndi kusoketsa kwa telala kuti katani lichoke pafupi ndi siling'i mpaka pansi. Chitsulo chikhale masentimita 8 pansi pa siling'i, kutanthauza pa 232. Musachikweze kupitirira apo ngati katani ndi la mphete, chifukwa nsalu imatuluka masentimita 3 kapena 4 pamwamba pa chitsulo, ndipo mutu wa chitsulocho umafunanso malo. Mukachigunditsa, katani limakhula siling'i n'kumakana kuyenda. Kumunsi lithere masentimita 2 pamwamba pa simenti. Choncho katani lomalizidwa likhale la 234. Podula, telala awonjezere 10 opinda kumutu ndi 16 a mpendero wopinda kawiri, zonse pamodzi 260.

Ena amakonda nsalu yokwekwereza pansi ngati m'zithunzi za mahotela. Kuno ayi. Dothi lathu lofiira limalowa ndi mapazi, pansi timakolopa tsiku ndi tsiku, ena timapaka polishi wofiira, ndipo mpendero ukanyowa nthawi ya chiperoni suuma msanga. Pakatha milungu yochepa kumunsi kwa katani kumakhala kofiirira ndi madontho a chuku. Masentimita 2 aja diso siliwaona, koma chokolopera chimadutsa.

Musayeze malo amodzi. Simenti yambiri ya m'nyumba zathu ndi yopendekeka pang'ono, siling'inso imatha kugwa mimba pakati. Yezani kumanzere, pakati ndi kumanja, mutenge nambala yaying'ono. Ndipo khomani chitsulo kaye, kenako muyeze kuchokera pa chitsulocho. Musapatse telala muyeso wa zenera.

Tsopano chimene chimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa chimawononga ntchito yoyezedwa bwino: nsalu yofupika ikachapidwa. Nsalu ya thonje yosanyikidwa imatha kubwerera masentimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse ikangolowa m'madzi koyamba. Pa katani lothera pazenera simungazindikire. Pa katani la 234 ndi masentimita 7 mpaka 11 kapena kuposerapo pang'ono. Tsiku lokoleka zonse zili bwino, alendo akuyamikira. Mwachapa mvula itatha, mwakolekanso, mwapeza mpata wokwana chikhatho pakati pa nsalu ndi simenti, ndipo khoma la kuseli likuonekera ngati lamba. Mzere wopingasa umene munkauthawa uja wabwerera, ndalama zitapita kale. Ogulitsa nsalu ambiri satchula zimenezi, telala amene ali ndi changu nayenso amangodula.

Chimaipiraipira ngati mwaika layining'i. Nsalu yakutsogolo ya thonje imafupika, layining'i ya poliyesitala siifupika, ndiye imayamba kusuzumira kumunsi, kapena ngati anazisokera pamodzi kumpendero, katani limachita matumba n'kusiya kugwa mowongoka. N'chifukwa chake layining'i iyenera kukhala yofupikirapo ndi masentimita 2 kapena 3, ndipo kumunsi isasokeredwe limodzi ndi katani.

Mankhwala ake ndi osavuta. Nsalu ya thonje, kuphatikizapo chitenje, inyikeni m'madzi, iume, muisite, kenako ipite kwa telala. Pogula wonjezerani theka la mita loti lilowe m'kufupikako. Mpendero wopinda kawiri uja ndi nkhokwe yanu: katani likabwerera, telala amamasula n'kulitsitsa. Amene amapinda kampendero ka sentimita imodzi kuti asunge nsalu wakulandani mwayi umenewu, ndipo katani lopanda kulemera kumunsi limangouluka, siligwa bwino.

Pa kuchuluka kwa nsalu m'lifupi, anthu amalakwa mbali zonse ziwiri. Muyeso umachokera pa chitsulo, osati pa zenera. Chitsulo chipitirire zenera ndi masentimita 20 mbali iliyonse, kuti masana katani likaunjikane pakhoma kuwala kulowe konse. Chipinda chamdima chimaoneka chotsika kuposa mmene chilili. Ndiye chitsulo chathu ndi cha 190. Nsalu yokwana chitsulo kamodzi ndi theka ndi masentimita 285. Mukatseka, makwinya amakhala osaya, koma pa nsalu yokhuthala ya mphete zimapiririka. Kawiri ndi 380, ndipo apa makwinya amaima ngati mizati kuchokera kumwamba mpaka pansi, ndiyo mizere imene tikuifuna. Kawiri ndi theka n'koyenera lesi ndi nsalu zina zopyapyala zokha. Mukatero ndi nsalu yolemera, mulu wake kumbali umanenepa, umadya galasi, ndipo chipinda chimaoneka chachifupi ndi chothina. Ine ndimati kawiri.

Mamita ogula amadalira m'lifupi mwa mpukutu, ndipo apa ndi pamene mtengo umanyenga. Nsalu ya m'lifupi 150 imafuna zidutswa zitatu za 260 kuti ikwane 380, kutanthauza mamita 7.8, tinene 8. Chidutswa chachitatu chimang'ambidwa pakati, theka lililonse n'kulumikizidwa chakukhoma kuti msoko ubisike. Nsalu ya m'lifupi 280 imagonekedwa: m'lifupi mwake ndiye mumakhala msinkhu wa katani, ndipo poti ife tikufuna 260, ikukwana. Mumangogula mamita 4, popanda msoko wolumikiza. Choncho ngakhale mita ya nsalu yotambalala itakwera mtengo kuposa inzake, bola isafike kawiri, yotsika mtengo ndi yomweyo. Mukafika m'masitolo a nsalu ku Limbe, funsani m'lifupi musanafunse mtengo. Koma chenjerani ndi mizere: poti nsaluyi imagonekedwa, mizere yoyenda motsata utali wa mpukutu idzakhala yopingasa pazenera. Itambasuleni mmene idzapachikidwire muone.

Za mtundu wa nsalu sindichulutsa. Poliyesitala yapakatikati, yosakhuthala kwambiri, ndiyo imapambana kuno: siifupika kwenikweni, imauma msanga ngakhale m'June dzuwa likubisala kuseri kwa nkhungu, ndipo imagwa mowongoka. Veleveti imatenthetsa chipinda m'nyengo yozizira, koma imasunga chinyezi ndi fungo, ndipo kulemera kwake kumapinda chitsulo chopyapyala. Chitsulo chikagwa mimba pakati, katani limakhudza pansi pakatipo. Chitenje ndimachikonda, koma cha mamita awiri chodulidwa kale sichifika. Gulani chosadula, ndipo musankhe maluwa ang'onoang'ono. Maluwa aakulu amafuna kuwakumanitsa pamsoko, zimene zimadya nsalu, komanso amakokera diso pakati pa khoma. Lamba wa mtundu wina kumunsi kapena kumutu kwa katani, amene atelala ena amamuika ngati chokongoletsa, mukaneni. Mtundu wa katani uyandikire wa khoma: khoma lotuwira, katani lotuwira mozamirapo pang'ono. Katani lakuda pakhoma loyera limalemba malire ake poyera.

Chotsala ndi kukhoma, kumene ambiri saikako ndalama powerengera. Masentimita 30 a pamwamba pa zenera nthawi zambiri amakhala lintala ya konkire kenako mizere ingapo ya njerwa. Konkire imafuna dirilo ndi mapulagi. Msomali umangopindika n'kugumula pulasitala. Pa njerwa, bowo lilowe m'njerwa yeniyeniyo, osati pamzere wa matope, makamaka ngati nyumba inamangidwa ndi dothi, apo ayi chogwirira chidzazuka mwana akangokoka katani. Chitsulo cha 190 chikhale ndi chogwirira chachitatu pakati. Ngati mwasankha njanji yokhomera ku siling'i, imene imapatsa mzere wautali kuposa njira zonsezi, zomangira zilowe m'matabwa ogwira siling'i, chifukwa bodi payokha siinganyamule mamita 4 a nsalu yokokedwa m'mawa ndi madzulo. Matabwawo mudzawapeza potsata mzere wa mitu ya misomali. Njanji imafuna katani la tepi ndi ngowe, osati la mphete, ndipo msinkhu wake muyeze kuchokera pa timphete ta njanjiyo kufika pansi, n'kuchotsapo masentimita 2.