Anandiikira TeX Live yakale n'kunena kuti ndi yonse

Nyenyezi ziwiri basi kwa anyamata okonza makompyuta aja a pa Ginnery Corner, dzina la shopu sinditchula. Ndinalipira K15,000 kuti andiikire LaTeX, pulogalamu yosanja zolemba n'kutulutsa pdf, pa laputopu yolembera thesisi poti bandulo yodawunilodera TeX Live yonse, mtolo wobweretsa LaTeX ndi mapakeji ake wa ma GB angapo, ine sindikanakwanitsa. Achimwene amene anandithandizawo anati ali nayo pa fulashi, "ndi yonse mayi, simudzavutikanso".

Sinali yonse ayi. Chaputala choyamba chinayenda bwinobwino chifukwa munali mawu okhaokha, koma nditafika poika zithunzi ziwiri moyandikana, pdf osatuluka, m'munsimu mwangofiira:

```
! LaTeX Error: File `subcaption.sty' not found.
```

Ndawaimbira, akuti dikirani. Kenako anditumizira kafayilo kamodzi ka subcaption.sty pa WhatsApp ati ndikaponye mu foda ya thesisi. Ndaponya, uthenga wangosintha, tsopano ikusowa caption.sty. Apa m'pamene mtima unandipweteka chifukwa munthu wolandira ndalama za anthu pa ntchito imeneyi amayenera kudziwa kuti mapakeji amadalirana, subcaption siyenda popanda caption ndipo zonse ziwiri zimabwera mu pakeji imodzi yotchedwa caption. Kutolera mafayilo limodzilimodzi chonchija mutha kuchezera usiku wonse osamaliza. Nditadandaula anandiyankha kuti mwina ndagwiragwira zinazake. Ine? Ndigwire chiyani?

Mnzanga wa masamu ku Chichiri ndi amene anandionetsa kuti TeX Live ili ndi chida chake choikira mapakeji, tlmgr. Poyamba umafufuza kuti fayilo ikusowayo ili mu pakeji iti, poti dzina la fayilo ndi la pakeji sizifanana nthawi zonse, mwachitsanzo tikz.sty imapezeka mu pgf.

```
tlmgr search --global --file subcaption.sty
tlmgr install caption
```

Koma nayonso inakana, ndipo apa ndi pamene bodza lawo lachiwiri linaonekera:

```
Local TeX Live (2022) is older than remote repository (2025).
```

Anandiikira ya 2022 osandiuza! TeX Live imatuluka yatsopano chaka chilichonse, ndiye yatsopano ikangotuluka maseva a CTAN, kumene tlmgr imatenga mapakeji, amasunga ya chaka chimenecho, tlmgr yakale imakana kutengako kanthu kuopa kusakaniza zinthu za zaka zosiyana. Titasuzumira mu C:\texlive foda yake inalembedwa 2022 poyera, kukula kwake kosafika ndi GB imodzi yomwe, kusonyeza kuti anasankha scheme-basic, kaja kakang'ono kwambiri. Inu amene mukufuna kupita kumeneko onani zinthu ziwiri zimenezi musanatulutse ndalama, chaka ndi kukula kwa foda.

Mwayi wake sitinafufute chilichonse. TeX Live ya chaka chilichonse ikatsekedwa imasungidwa m'nkhokwe ya zakale, ndiye timangoiuza tlmgr kuti izikatenga kumeneko:

```
tlmgr option repository https://ftp.math.utah.edu/pub/tex/historic/systems/texlive/2022/tlnet-final
tlmgr update --self
tlmgr install caption biblatex biber
```

Inayenda kamodzi n'kamodzi, bandulo yake yochepa zedi poyerekeza ndi kuyambiranso. Kungoti mapakeji a m'nkhokwemo anaima pomwe 2022 inathera, sasinthidwanso, choncho ngati templeti ya kusukulu kwanu ikufuna zatsopano kuposa pamenepo palibe kuchitira mwina, muikedi ya chaka chino. Mnzangayo anandichenjezanso kuti biblatex ndi biber, zida zokonzera maumboni ndi mndandanda wa mabuku, azichokera malo amodzi, ukatenga biblatex watsopano pa intaneti pomwe biber ndi wakale amakanana ndipo mndandanda wa mabuku sutuluka.

Kunena chilungamo sikuti zonse anaononga. TeXstudio, pulogalamu imene ndimalemberamo, anaiika bwino, inaipeza pdflatex yokha osavuta, ndipo tlmgr inkayankha ndikangoilemba mu cmd kusonyeza kuti PATH, njira imene Windows imapezera mapulogalamu, anaikonza. Nditabwererako bambo eni shopu anandimvetsera mwaulemu, anapepesa, anati fulashiyo ndi yakale sanaiunikenso, mpaka anandisinthira mu TeXstudio pa Build kuchoka pa BibTeX kupita pa Biber chifukwa maumboni anga ankangotuluka ngati timayina takuda tija ndimalemba mu \cite. Pamenepo anandithandizadi ndipo nyenyezi yachiwiriyo ndi yawo bambowo.

Koma achimwene aja mpaka lero sanavomere kuti anandinamiza, ndalama sanabweze ngakhale theka. Kukonza sikirini kapena batire ndikhoza kupitanso. Za LaTeX ayi, pokhapokha atsegule cmd ine ndikuona, alembe tlmgr --version ndione chaka ndi maso anga.