Linki ya vidiyo: chidacho chaoneradi, kapena changowerenga mutu?

Ndili ndi kanazale ka mapeyala kufupi ndi Chitakale, ndipo zambiri za kumezanitsa ndimazitola pa YouTube. Koma bandulo sichedwa kutha. N'chifukwa chake ambirife tazolowera kumata linki m'chida cha AI kuti chitifotokozere mwachidule, foni isakoke vidiyo yonse. Nzeruyo ndi yabwino, kungoti zida zimenezi zikalandira linki sizichita zofanana, ngakhale mayankho ake onse amabwera osalala ngati a munthu amene waoneradi.

Ndinayesa ndi vidiyo imodzi ya mphindi 14 imene ndinali nditaionera kale. Mutu wake unkangoti kumezanitsa mapeyala. M'kati mwake mlimiyo sang'amba tsinde pakati monga timachitira pa mbande za m'machubu. Amadula mtengo waukulu, n'kusenda khungwa pang'ono, n'kulowetsa kanthambi pakati pa khungwa ndi thima.

Chida choyamba chinali chochezera wamba, cha mtundu wosatha kutsegula vidiyo kuchokera pa linki. Zida zotere zikachita bwino zimangofika pa tsamba n'kuwerenga mutu ndi timawu tofotokozera tam'munsi. Chinanditulutsira ndondomeko yooneka bwino ya kung'amba tsinde pakati, kusongola kanthambi mbali ziwiri ndi kumanga ndi pulasitiki. Ulimi wake ndi woona, koma si wa m'vidiyo ija. Chinangoona mutu n'kudzazira zimene mavidiyo ambiri a mutu umenewo amanena. Apa ndi pamene pamandipweteka, chifukwa munthu amene sanaionere vidiyoyo sangadziwe kuti wapatsidwa zina.

Mtundu wachiwiri umawerenga mawu olembedwa a vidiyo. NotebookLM ndi chitsanzo: ukaipatsa linki ya YouTube imatenga mawu olembedwawo basi, zithunzi siitenga, ndipo vidiyoyo iyenera kukhala yotsegukira aliyense komanso yokhala ndi mawuwo. Ukhozanso kuchita wekha: tsegula pofotokozera vidiyo, dina `Show transcript`, kopera mawuwo n'kuwamata m'chida chilichonse. Njira iyi inagwira zoti mlimiyo akulowetsa kanthambi kuseri kwa khungwa, popeza anazinena ndi pakamwa. Pa ulaliki kapena phunziro la m'kalasi, iyi ikukwanira. Pa ntchito ya manja ndiye imapunduka. Mlimi uja akati "udule chonchi, kufika apa", m'mawu olembedwa mumangotsala "chonchi" ndi "apa", pamene phunziro lonse lili pa mpeni. Vuto lina ndi la kwathu kuno: mavidiyo ambiri olankhula Chichewa amene ndatsegula alibe mawu olembedwa, ndipo ena makina amawamva ngati Chingerezi n'kulemba zosamveka.

Mtundu wachitatu ndi umene tingati umaonera. Gemini, AI ya Google, ukaigwiritsa ntchito pa webusaiti ya Google AI Studio, imalandira linki ya vidiyo ya YouTube yotsegukira aliyense, n'kutenga zithunzi ndi mawu omwe. Koma kuonera kwake si kwa maso athu. Mwachizolowezi imatola chithunzi chimodzi pa sekondi iliyonse, ndiye vidiyo yanga ya mphindi 14 inasanduka zithunzi 840. Zimenezi zinakwanira kuzindikira kuti tinthambi tolowetsedwa tinali titatu ndiponso kuti pamwamba anavindikirapo pepala, zinthu zimene mlimiyo sanazitchule n'komwe. Koma mpeni ukamatsetsereka posongola kanthambi, sekondi siikwana. Kudula koteroko kungathe kugwera pakati pa zithunzi ziwiri, ndipo mmene mpeni wapendekera sindingadalire chida kuti chindiuze.

Tsono ungadziwe bwanji kuti wagwira mtundu uti? Pempho la chidule silithandiza, chifukwa chidule ndi chimene mitundu yonse itatu imatha kupeka mosavuta. Yeso labwino ndi la chinthu chooneka ndi maso chokha, chosanenedwa komanso chosalembedwa pa mutu, pa nthawi yotchulidwa. Ine ndimasankha malo amodzi, monga `06:40`, n'kufunsa chidacho zimene munthuyo wagwira m'manja pamenepo ndi mtundu wa malaya ake. Kenako ndimalumphira pomwepo pa YouTube n'kuonera masekondi khumi, bandulo yochepa kwambiri. Chowerenga mutu chimalephera ngakhale mawu amene ananenedwa pamenepo. Chowerenga mawu olembedwa chimagwira mawuwo koma malaya chimaphonya kapena kuvomera kuti sichikuwaona. Choonera chimapeza zonse ziwiri.

Panopa ndimatere: mavidiyo olankhula okhaokha ndimakopera mawu ake. A ntchito ya manja ndimapatsa chida choonera kuti chindipezere mphindi imene kudula kukuyambira, kenako mphindi ziwiri zimenezo ndimazionera ndekha, kawiri katatu, mpeni uli m'manja ndi kanthambi koyeserera pambali.