Nivea, vaselini, aqueous cream ndi CeraVe: wofatsa ndi uti pa khungu losachedwa kuyabwa?

Mafuta anayiwa anthu amangowaika mgulu limodzi kuti onse ndi ofatsa, koma mukatembenuza botolo n'kuwerenga timalemba tating'ono takumbuyo tija mupeza kuti akusiyana kutali. Zakutsogolo zija, hypoallergenic kaya dermatologist tested, musazitengere kwenikweni, mawu oti hypoallergenic, kunena kuti mafutawo sayabwa kawirikawiri, ngakhale ku America palibe lamulo lonena tanthauzo lake ndiye kampani iliyonse itha kungolembapo.

Nivea Creme wa m'kachitini kabuluu ndi wokhuthara ndipo kutuwa amathetsadi, miyendo ya mbuu ija imawala tsiku lonse. Koma muli Parfum, komanso kumapeto kwa mndandanda muona Limonene, Linalool, Geraniol, zonsezo ndi zonunkhiritsa, ndipo zonunkhiritsa ndi zina mwa zinthu zomwe zimayambitsa kuyabwa ndi nsungu kwambiri m'mafuta odzola. Mulinso Lanolin Alcohol wochokera ku mafuta a muubweya wa nkhosa, amene anthu ena sayanjana naye. Kwa munthu amene vuto lake ndi kuuma kokha ali bhobho, koma ngati mumati mukadzola sopo wachilendo thupi layamba kale kunyerenyetsa, ine uyu sindingayambire.

Aqueous cream ndiye amapusitsa anthu ambiri chifukwa ndi woyera, alibe fungo, akuoneka ngati wakuchipatala. Wopangidwa mwachikale uja mumakhala Sodium Lauryl Sulfate, mwachidule SLS, mankhwala omwe aja ochititsa thovu mu shampu, ndipo mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Britain la MHRA linachenjeza kuti akasiyidwa pakhungu amatha kuwotcha ndi kuyabwa makamaka kwa ana a vuto la ekizima, matenda oumitsa ndi kuyabwitsa khungu. Kusambira ngati sopo n'kutsukuluza zilibe vuto kwenikweni, koma kudzola n'kugona nako ayi. Masiku ano ena akumapanga opanda SLS ndipo amalemba, koma samalani poti nthawi zina SLS amabisala mkati mwa dzina loti Emulsifying Wax.

Tikanena kufatsa kokha vaselini wawamba amawina onsewa, nthawi zambiri muli chinthu chimodzi basi, Petrolatum, ndiye sizichitikachitika kuti akuyabweni. Ndikunena wopanda fungo uja, osati wa cocoa butter kapena wa ana wonunkhira. Chofooka chake iye sabweretsa chinyontho, amangotsekera chomwe chilipo kale, ndiye mukadzola pakhungu louma gwa mungonyezimira pamwamba pansi pali pouma. Dzolani mukangotuluka kubafa thupi lisanaumiretu. Kukatentha amamata zedi ndipo kumaso kwa munthu wa ziphuphu ambiri samukonda.

CeraVe Moisturising Cream ali pakati, alibe pafyumu, muli glisalini wokoka madzi ndi ma ceramide, mafuta omwe khungu limakhala nawo kale omatira timaselo tapamwamba kuti madzi asathawe. Salemera ngati vaselini, kumaso amatheka. Koma muli zinthu zoposa 20 kuphatikiza Phenoxyethanol woteteza kuti asawonongeke, ndipo alipo anthu amene amamva kuwawa akadzola pakhungu long'aluka kale, ndiye naye muyeseni kaye. Dziwaninso kuti pa botolo mawu oti unscented ndi fragrance-free si chimodzi, unscented amatha kuthiramo chonunkhiritsa pang'ono chongophimba fungo la mankhwala.

Mayesedwe ake ndi omwewa kaya mtundu wanji. Tengani pang'ono mudzole mkati mwa mkono pamene umapindikira, malo okula ngati chala chachikulu, kawiri pa tsiku, kwa masiku 7 mpaka 10, osasinthanso sopo kapena china chilichonse. Tsiku limodzi silikwana chifukwa kuwotcha kwa mankhwala aukali kumamveka pompopompo koma alaje, kuyabwa kwa thupi likakana chinthu, amachedwa, amatha kutulukira patapita masiku awiri atatu kapena kuposa. Ngati mukuyerekeza awiri, wina mkono wamanja wina wamanzere.

Apa ndi pamene ife akhungu lakuda timasocheretsedwa ndi malangizo oti yang'anani ngati pafiira. Kwa ife sipafiira kawirikawiri, pamangoda kuposa pozungulira, kapena kuoneka motuwa kaya ngati pepo, ndiye gwiritsani ntchito zala, sisitani mumve ngati pakhakhala, pali timatuza, patupa kapena pakutentha, ndipo muyang'ane pa kuwala kwa dzuwa poyerekeza ndi mkono winawo. Chifukwa chovutikira chonchi n'choti khungu lathu likapsa mtima limatulutsa melanini wambiri, amene amadetsa khungu, kuyabwa kwa sabata imodzi kumasiya banga lakuda la miyezi, ndiye bola banga limenelo likhale pamkono kusiyana ndi patsaya.

Maloshoni olembedwa toning kapena lightening sali nawo pa mpikisanowu ndipo mayeso apamkonowa atha kukunamizani, chifukwa ena amabisamo clobetasol kapena betamethasone, ma siteroidi amphamvu amene amaletsa kuyabwa, sabata yoyamba khungu limasalala mpaka kumati uyu ndiye wofatsa, pakapita miyezi layamba kupyapyala, mitsempha kuonekera, mizere m'khwapa ndi m'ntchafu. Hydroquinone, mankhwala oyeretsa khungu, naye akadzoledwa nthawi yaitali amasiya mawanga akuda bii m'masaya ovuta kuchotsa. Botolo lopanda mndandanda wa zomwe zilimo lisiyeni pomwepo.

Kusankha kwanga, thupi ndi mapazi vaselini wawamba pakhungu lonyowa, kumaso CeraVe akakhoza mayeso apamkono, Nivea ndi wa amene khungu lawo silinyanyala ndi pafyumu, aqueous wa SLS akhale wosambira basi.