Wasii ndi woyang'anira chuma chamasiye: kusiyana kuli pati?

Ntchito ya awiriwa ndi yofanana, kusamala ndi kugawa chuma cha munthu womwalira; chosiyana n'chakuti anamusankha ndani. Wasii amasankhidwa ndi malemu eni ake m'wilo, ndipo khoti limangotsimikiza kuti wiloyo ndi yovomerezeka. Woyang'anira amasankhidwa ndi khoti ngati palibe wilo, kapena wotchulidwa m'wilo wamwalira kaya wakana udindowo. Ameneyu asanalandire kalata ya kukhoti asagwire kanthu, olo akhale mwana woyamba.

Wasii amagawa monga wilo yanenera. Woyang'anira, ngati wilo palibe, amatsata lamulo la dziko, osati zofuna za akuluakulu apabanja.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa ngongole. Tinene kuti malemu asiya 10 miliyoni kubanki, ngongole ya 4 miliyoni ndi ana atatu oyenera kulandira mofanana. Wasii kaya woyang'anira ayenera kuyamba alemba katundu yense, kulengeza kuti okongoza abwere, n'kubweza ngongoleyo, kenako ana agawane 6 miliyoni yotsalayo, aliyense 2 miliyoni. Akathamangira kugawa 10 miliyoni yonse chifukwa anawo akumuvutitsa, wokongoza angathe kumulipiritsa iyeyo za m'thumba mwake.

Kwa olandira chumawo, udindo wa wasii kaya woyang'anira ndi umodzi. Ndalama zamasiye azisunga paakaunti yapadera, asadzigulitse yekha galimoto ya malemu pamtengo wozizira, ndipo azionetsa malisiti akafunsidwa. Mukaona akuzembazemba pa malisitipo, dziwani kuti muli ndi ufulu wopempha khoti kuti limulamule kupereka lipoti kapena limuchotse.