Nyenyezi zitatu: VPN yake ndi yabwino koma imadya spidi ukangoisiya isankhe yokha seva

Ndili ndi kashopu koprintira ndi kutumiza mafomu pa intaneti pano pa Nchalo, ndiye VPN imeneyi ndakhala nayo miyezi iwiri, yolipira pamwezi, anandiikira ndi mlamu wanga. Sabata zoyambazo ndinkangotukwana netiweki, timizere tonse tadzadza, 4G ikuoneka bwinobwino koma fomu ya kasitomala ikungozungulira, mayi wina mpaka anatenga mapepala ake nkumapita. Kumeneko nkuti vuto lili mufoni mwanga momwemo.

Chimene chimachitika nchakuti VPN ikayaka, deta yanu siipita molunjika komwe mwaituma. Imayamba yatsekedwa ndi chinsinsi, kenako ipite ku seva ya eni VPN, ichoke kumeneko ndiye ikafike ku webusaiti, ndipo yankho limabwereranso njira yomweyo. Zili ngati katundu wochoka pa Nchalo kupita ku Blantyre, mmalo mongokwera Thabwa nkufika, ayambe kaye wakasainitsa ku Mzuzu. Yangayi inali pa zosankha yokha ndipo inkanditengera seva ya ku America, tangoganizani, fomu yopita ku ofesi ya ku Lilongwe kuoloka nyanja kaye. Kutseka ndi kutsekula detako nakonso foni imagwira ntchito, ndiye kafoni kotchipa ndi dzuwa lathu lino kakatentha kamayamba ulesi. Komanso seva imodziyo mumadzazanapo anthu ambirimbiri.

Poyesa spidi VPN itazima ndinalakwitsa kaye. Ndinangoitseka apu ija pa sikirini ndikuyesa ndazimitsa, osadziwa kuti ikugwirabe ntchito kuseri. Yang'anani pamwamba pafupi ndi batire, kachizindikiro ka kiyi kakakhalapo ndiye kuti ikadali yoyaka. Muyenera kulowa mu apumo nkudina Disconnect. Pa Android lowaninso mu Settings, mupeze VPN, muthimitse Always-on VPN ndi Block connections without VPN, apo bii imadziyatsanso kapena intaneti imangodukiratu nkumaganiza kuti bandulo yatha.

Kiyi atachoka ndinatsegula fast.com, webusaiti yoyezera spidi ya intaneti, nkudina Show more info. Pamenepo mpabwino chifukwa pansi pamalemba Client, kusonyeza komwe intaneti ikukuonerani kuti muli. Ngati pakulemba mzinda wa ku America, VPN sinazime. Pamaonetsanso Upload ndi Latency, imene ndi nthawi yomwe deta imatenga kupita ndi kubwera.

Ndinayesa cha mma 10 koloko mmawa, foni ili pa kauntala malo amodzi, hotisipoti nditathimitsa kuti laputopu isamabe deta. VPN yozima katatu spidi inali 11, 9 ndi 12 Mbps, Latency cha mma 60 ms. Nditayatsa ndi seva ya ku America ija katatunso: 2, 3 ndi 2 Mbps, Latency kupitirira 300 ms. Apa mutu unandizungulira ndithu. Kenako ndinasankha ndekha seva ya ku Joni, yomwe pa mndandanda wawo ndi yapafupi ndi ife, inabwera 8 Mbps, Latency 95 ms. Mu Settings ya apuyo ndinasinthanso njira yolumikizira ku seva, nkuchotsa OpenVPN nkuika WireGuard, ndi yopepukirapo, foni inasiya kutentha kwambiri.

Katatuko nkofunika, netiweki ya foni imasinthasintha mphindi iliyonse, kuyesa kamodzi mutha kunamizira wosalakwa. Ndipo yesani motsatizana nthawi yomweyo, osati yozima mmawa yoyaka usiku. Ine ndinabwereza cha mma 7 madzulo anthu aweruka kumunda wa nzimbe aliyense ali pa foni, yozima inandipatsa 3 Mbps, yoyaka ya ku Joni 2.5. Pamenepo VPN ilibe mlandu, ndi netiweki yadzaza, olo mutasintha seva kangati sizingapose zomwe laini yanu ikupereka.

Chenjezo limodzi, kuyesa spidi kumadya bandulo, chifukwa kumakhala kukoka deta yeniyeni. Tsiku limenelo ndinangozindikira mameji opitirira 100 apita, ndiye musamachite ndi kabandulo ka tsiku.

Nyenyezi ziwiri ndachotsazo, imodzi ndi ya kundisankhira seva yakutali osandiuza chilichonse, ina ndi ya batire, magetsi akazima masana foni siifika madzulo. Koma siidukaduka, ndipo ndikakhala pa waifai ya pa loji ku Blantyre ndimaiyatsa ndithu. Pano pa shopu ndikamatumiza mafomu a anthu ndi bandulo yanga ndimaizimitsa, ndione kaye kuti kiyi uja wachoka.