Ndemanga yanga pa mayi amene anandikonzera Chingerezi mu pulojekiti: nyenyezi 4 pa 5

Ndinalonjeza anzanga a mkalasi kuti ndikamaliza ndidzanena ngati ndalama yanga inagwira ntchito kapena ndinangotaya, nde ndi izi. Pulojekiti yanga inali ya madzi a m'zitsime, ndinatunga masampulo m'zitsime 14 nkukayeza ku labu ngati muli tizilombo ta E. coli, mapeji onse 62. Asupavaiza atawerenga anangolemba pamwamba kuti sayansi ili bwino koma Chingerezi chikonzedwe kaye, ndipo mawu oti bacteria anawazunguliza ndi cholembera chofiira malo ambirimbiri osanenanso kuti chalakwika nchani. Mnzanga nde anandipatsa nambala ya mayi ena ake, anali mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale pano anapuma, amakonza zolemba za ana asukulu ndipo amatchaja pa peji, theka umalipiriratu theka ukalandira.

Ndiyambe ndi chimene chandisangalatsa. Mayiwa sangokukonzera mwakachetechete nkukubwezera fayilo yoyera ayi, amayatsa Track Changes mu Word nde chilichonse chimene asintha umachiona, ndipo pambali amalemba chifukwa chake. Pa peji 3 ndinalemba kuti "This bacteria are found in 9 of the 14 wells", iwo anasintha kukhala "This bacterium is found in 9 of the 14 wells" nkulemba pambali kuti mwanawe sankha chimodzi, ngati ukunena mtundu umodzi womwewu wa E. coli ndi this bacterium is, ngati ukunena tizilombo tambiri kapena mitundu ingapo ndi these bacteria are, koma this ndi are sizikhalira limodzi. Abale ine zaka zonsezi ndimadziwa kuti bacteria ndi kamodzi ndipo tikachuluka ndi bacterias, moti pa peji 40 ndinalembadi bacterias osachita manyazi.

Titalankhulana pa foni anandiuza chinthu chimene sindidzaiwala. Akuti vuto si umbuli koma Chichewa chathu chomwechi, ife timati bakiteriya kamodzi, mabakiteriya tambiri, ndiye kuti tinatenga mawu amene ali ochulukitsa kale nkuwaonjezeranso ma- kutsogolo, nde tikamalemba Chingerezi mutu umangochita zomwezo nkuika s kumapeto. Chilatini chimachulukitsa posintha kumapeto kwa mawu ngati mmene ife timasinthira koyambirira, chitsime zitsime. Mawu othera -um amakhala -a, nchifukwa chake bacterium bacteria, curriculum curricula, medium media. Othera -a amakhala -ae, formula formulae, larva larvae, alga algae. Apa mpamene munthu umasokonezeka chifukwa bacteria ndi formula onse akuthera a koma wina ndi wochulukitsa wina ndi mmodzi, sungadziwe pongoyang'ana kumapeto, uyenera kudziwa kuti mmodzi wake ndi chani.

Ine nditamva zimenezo ndinatengeka, ndinati basi ndazitulukira, Chilatini paliponse kuti oyesa mayeso aone kuti munthune ndinapita kusukulu. Mu chapitala 2 munali chiganizo chonena za mavairasi amene amayambitsa kutsekula m'mimba, ndinawafunsa pa meseji kuti Amayi, nanga viruses ija ndisinthe ikhale viri eti, poti fungus ndi fungi? Anandiyankha kuti usayerekeze. Akuti kodi mtengo ndi mlimi sakuyamba chimodzimodzi, nanga bwanji timati mitengo koma alimi? Chilatini nachonso chili ndi magulu a mayina, si aliyense wothera -us amene amapita ku -i. Fungus ndi fungi zoona, koma genus ndi genera, ndipo virus mChingerezi ndi viruses basi palibe china. Species nde sasintha nkomwe, one species, three species, ndipo ine ndinali nditalemba "one specie" poganiza kuti s ija ndi yochulukitsa. Pamenepo ndinachita manyazi ndekha mchipinda.

Chimene ndinaphunzirapo nchoti mawuwa sali mulu umodzi. Pali ena amene ulibe chosankha, bacteria, criteria, phenomena ndi ochulukitsa ndipo mmodzi wake ndi bacterium, criterion, phenomenon, awiri omalizawa akuti ndi a Chigiriki osati Chilatini nchifukwa chake akuthera -on. Ukalemba "the criteria was" kapena "a phenomena" mu ese walakwitsa basi, olo anthu amalankhula choncho mmisonkhano. Ine ndinali ndi "The main criteria for selecting a well was distance from a latrine", chinthu chake chimodzi chokha, mtunda wochoka pa chimbudzi, nde inakhala criterion. Ku labu nakonso ndinagwiritsa ntchito zakudya ziwiri zomeretsera tizilombo nde ndinalemba "two medias", anakonza kukhala two media, chimodzi ndi medium.

Koma formula ndi nkhani ina, apa nde pamene ndinaona kuti mayiwa amadziwa ntchito chifukwa sanandinamize kuti pali yolondola imodzi. Formulae ndi formulas onse ndi olondola, mu dikishonale muli onse awiri. Formulae imakonda kupezeka mu masamu ndi kemisitiri makamaka mChingerezi cha ku Britain, formulas ndi imene a ku America amalemba kwambiri olo mu sayansi momwemo, komanso ndi imene imakhala bwino ukamanena zinthu wamba, mkaka wa ana wa mchitini uja palibe amene amati formulae. Vuto langa silinali loti ndasankha yolakwika, linali loti sindinasankhe. Anawerenga ndi Ctrl+F nkupeza formulae ka 7, formulas ka 4, pena zonse ziwiri pa peji imodzi, mmwamba ndikufotokoza kawerengedwe ka masampulo ndi formulae, mmunsi kawerengedwe ka makoloni a tizilombo pa 100 ml ya madzi ndi formulas. Word sinaike mzere wofiira paliponse poti masipelo onse ndi abwinobwino. Anandifunsa kuti kodi ndalemba colour kapena color, litre kapena liter, nditati colour ndi litre anati ndiye uli ku Britain, nkhani yako ndi ya sayansi, ika formulae monse ndipo usabwererenso. Akanakhala munthu wolembera magazini ya sayansi ya ku America akanamuuza formulas.

Curricula nayenso ali mgulu lomwelo la zosankha, curriculums ilipo ndipo si yolakwika, koma mu zolemba za kusukulu curricula ndi imene anthu anazolowera kuona. Kwa ine inangopezeka kamodzi, kumapeto komwe ndimalangiza kuti ukhondo wa madzi uziphunzitsidwa ku pulayimale ndi ku sekondale, ndinali nditalemba "in both curricular" ndi r kumapeto. Ameneyo akuti ndi mawu ena, ofotokozera, ngati mu extra-curricular activities, amangomveka mofanana tikamatchula. Mnzanga wa zauphunzitsi amene pulojekiti yake yonse ndi ya makarikulamu ndamuuza kale kuti akafufuze r ameneyo asanapereke. Zakumapeto zija zoika mafomu a mafunso anati zikhale appendices, appendixes tiwasiyire madokotala a opaleshoni.

Pa data tinakanganako pang'ono. Iwo anasintha "the data shows" zanga zonse kukhala "the data show" ine nkumati koma Amayi aliyense amati data is. Anavomera kuti masiku ano anthu ambiri amaitenga ngati madzi kapena ufa, chinthu chosawerengeka, ndipo sikulakwa, koma dipatimenti yathu imatiuza kutsatira malamulo a kalembedwe otchedwa APA ndipo APA imatenga data ngati wochulukitsa. Apo ndinagonja. Chondiseketsa nchoti agenda nayenso anayamba ngati wochulukitsa mChilatini koma pano ndi mmodzi, anthu amati agendas ndipo palibe amene amadandaula. Nde si kuti Chilatini chimapambana nthawi zonse, zimatengera kuti mawuwo akhazikika bwanji mChingerezi.

Tsopano nyenyezi imodzi ija inapita kuti. Choyamba nthawi, tinapangana masiku 5 koma fayilo inabwera tsiku la 9, meseji kumaoneka kuti yawerengedwa koma yankho ziii, ndipo ine tsiku lopereka linali litayandikira moti ndinagona mochedwa masiku awiri kuvomereza zosintha chimodzichimodzi. Anapepesa kuti kunali maliro kumudzi, ndinamvetsa, koma kungondiuza kukanakwana. Chachiwiri matebulo anga atatu ndinawamata ngati zithunzi kuchoka mu Excel, nde Ctrl+F sinawaone ndipo iwonso sanawayang'ane, mutu wa tebulo lina unatsala uli "Formulas used" pamene chiganizo cha pamwamba pake chikuti formulae. Ndinazitulukira ndekha nditapulinta kale. Mbali ina ndi vuto langa, koma munthu amene walipidwa pa peji ayenera kuyang'ana peji yonse.

Chachitatu nde chachikulu, za sayansi yeniyeniyo sadziwa kwambiri. Ndinatchulako kolera ya 2022 mpaka 2023 ija pofotokoza chifukwa chimene ndinasankhira mutuwu, nkulemba "Vibrio cholerae is the bacterium that causes cholera". Iwo ataona -ae anaika funso pambali kuti kodi apa sipayenera kukhala are, kapena dzinalo likhale Vibrio cholera? Bola anafunsa sanasinthe. Ae ameneyo si wochulukitsa, mChilatini amatanthauzanso "wa", ndiye kuti Vibrio wa kolera, ngati mmene coli alili wa m'matumbo. Dzina la mtundu wa kachilombo silisinthidwa olo chilembo chimodzi, limalembedwa mopendeketsa ndipo limatenga is. Izi anandiuza ndi a ku labu nditawaonetsa. Ndikanangodina Accept All pa zonse ndi mtima woti mayiwa salakwitsa, tsiku lina zikanandivuta.

Nde amene mukufuna kuwatumizira, atumizireni padakali masabata awiri, matebulo akhale olemba osati zithunzi, muwauziretu ngati dipatimenti yanu imafuna Chingerezi cha ku Britain kapena cha ku America, ndipo mayina a tizilombo ndi zomera muwauze asakhudze. Asupavaiza atawerenganso sanazungulize bacteria olo mmodzi, anangopeza "these analysis" pa peji 51 imene tonse awiri inatidutsa, inayenera kukhala analyses.